Mmene mungakonzere mawu otsanzika popuma pa ntchito ya uphunzitsi

Chipumireni ine pa ntchito, temu yachitatu ikamapita kumapeto foni yanga siigona. Woimbayo amakhala mphunzitsi mnzanga amene zaka 60 zamukwanira, kalata yafika, ndipo ahedi amuuza kuti tsiku lotsekera sukulu kudzakhala kamwambo komutsanzika. Funso limakhala lomwelo: "Akulu, ndikanene chiyani?" Ena amachita kupempha kuti ndiwatumizire zimene ndidayankhula ineyo kuti angosinthamo dzina la sukulu. Izo ndimakana. Mawu obwereka amadziwika ngati jekete yobwereka, mikono imatsalira. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomulozera pano.

Ndikunena za mwambo wa pa sukulu ya pulayimale ya boma, umene ana amakhala pansi pabwalo, akuluakulu ali pamipando yotulutsidwa mu ofesi. Aphunzitsi a ku sekondale mungatolepo zambiri, kungoti ana a Fomu 4 amapirira kumvetsera nthawi yotalikirapo kusiyana ndi a Sitandade 2.

1. Musanalembe, funsani mmene mwambo udzayendere

Pitani kwa ahedi kapena kwa amene adzayendetse mwambowo, mukafunse zinthu zinayi: udzachitikira pati, kudzabwera ndani, inu mudzayankhula pambuyo pa yani, ndipo chimkuzamawu chidzakhalapo kapena ayi.

Chofunika kwambiri ndi chachitatucho. Kawirikawiri wopuma amayankhula kumapeto, a komiti, a mfumu, ahedi ndi mwana woimira anzake atayankhula kale, kwaya itaimba, mwinanso zotsatira za mayeso zitaulutsidwa. Pofika nthawi yanu dzuwa lili paliwombo, ana a ku infanti ayamba kutsinana, ena akusuzumira kumene kukuphikidwa phala. Mbiri yanu yonse, chaka chimene mudayamba ntchito ndi masukulu amene mudaphunzitsako, ahedi adzakhala atawerenga kale. Choncho musaibwereze. Konzekerani mphindi zisanu, zikachuluka zisanu ndi ziwiri. Ngati palibe chimkuzamawu, zisanu zokha, chifukwa mawu okweza pabwalo amatopetsa pakhosi ngakhale kwa ife amene tidazolowera kukuwa m'kalasi.

2. Perekani ulemu mwachidule, koma musadumphe munthu

Lembani mndandanda wa akuluakulu motsatira mmene woyendetsa mwambo wawasanjira. Nthawi zambiri pamakhala a PEA, amene ndi mlangizi wa maphunziro woyang'anira masukulu a m'zoni, a gulupu ndi anyakwawa, wapampando wa komiti ya sukulu, wa PTA, amayi a Mother Group, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ahedi, aphunzitsi, makolo, kenako ana. Funsani ahedi kuti pamalopo amayamba ndi yani pakati pa mfumu ndi mlendo wochokera ku ofesi ya maphunziro, chifukwa madera amasiyana, ndipo mfumu yodumphidwa siiwala.

Tchulani maudindo okha kamodzi, n'kunena kuti "ulemu wanu nonse", basi. Ndidaonapo bambo wina akutha mphindi zitatu pa ulemu wokha, aliyense akumutchula dzina, udindo ndi kumuthokoza pobwera. Pamene amafika pa ana n'kuti anawo atamusiya kalekale.

3. Sankhani nkhani imodzi imene idachitikadi

Apa ndi pamene pagona mawu onse. Munthu wagwira choko zaka makumi atatu, ndiye amafuna kuti zonse zilowe m'mphindi zisanu. Zikakanika, amathawira ku mawu akuluakulu: uphunzitsi ndi maitanidwe, ana inu ndinu atsogoleri a mawa, ndikupita koma mtima wanga utsala pano. Mawu amenewa alibe mwini. Angayankhulidwe ku Nsanje kapena ku Chitipa ndi munthu amene sadaponde pa sukulu panu. Ndipo popeza alibe kanthu m'kati, woyankhula amawathira chisoni kuti alemere, mawu n'kuyamba kunjenjemera, mwambo n'kusanduka maliro.

Mankhwala ake ndi nkhani imodzi, ya tsiku limodzi, yokhala ndi malo ake ndi zinthu zooneka ndi maso. Tengani pepala, mulembe zinthu khumi zimene mumakumbukira mukakhala phee madzulo. Musasankhe zazikulu. Kenako fafanizani zonse zimene ngwazi yake ndi inuyo. Fafanizaninso zimene zingachititse manyazi mwana kapena kholo limene lili pomwepo. Pa zotsalazo, tengani imene mungailongosole mutatsinzina.

Ndikupatseni chitsanzo cha mayi wina amene tidakonzera limodzi mawu ake. Iye adalowa ntchito mu 1994, chaka chimene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale. Ana olembetsa m'dziko muno adalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanapite kukoleji. Mayiyu anali mmodzi mwa iwo. Maphunziro a uphunzitsi adachita pambuyo pake kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi amene anali kale pa ntchito. Zimene adabwera nazo kwa ine poyamba zinali masamba anayi, oyamba ndi vesi, odzaza ndi "ulendo wautali" ndi "zokoma ndi zowawa". Ndidamufunsa kuti tsiku loyamba m'kalasi lidali lotani. Adaseka, n'kuyamba kufotokoza, ndipo ine ndimangolemba. Zidatuluka ndi izi:

"Tsiku langa loyamba adandipatsa Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mango. Bolodi tidalitsamiritsa pa tsinde. Ndidayamba kuitana mayina m'rejisitala, ndipo pamene ndimafika kumapeto belu la buleki linali litalira. Ndidapita kunyumba ndisanaphunzitse chilembo ngakhale chimodzi. M'mawa mwake mayi wina amene anali wamkulu wa ku infanti adandiitanira pambali nati, 'Usamaitane onse. Agawe m'magulu, gulu lililonse likhale ndi mtsogoleri, uzingofunsa amene sadabwere.' Njira imeneyo ndagwiritsa ntchito mpaka sabata yathayi."

Taonani zimene nkhaniyi ikuchita. Sikunena kuti ntchito inali yowawa, koma aliyense waona kuwawako. Sikunena kuti iye ndi wodzichepetsa, koma wolephera m'nkhanimo ndi iye mwini, ndipo wanzeru ndi munthu wina. Ana amaseka pa belu la buleki, aphunzitsi akale amagwedeza mitu chifukwa adaziona, ndipo aphunzitsi atsopano atolapo njira imene angayese Lolemba. Palibe pamene pakufunika kulira.

Njira yodziwira ngati nkhani yanu yapsa ndi iyi: muli chinthu chimene munthu angachigwire ndi dzanja? Rejisitala, belu la chitsulo cha gudumu la galimoto, dasitala wosokedwa ndi nsanza, njinga imene idakuthyokerani tcheni popita kukayang'anira mayeso a Sitandade 8. Ngati mulibe, mukadali m'mitambo.

4. Yambani ndi ana, akuluakulu adikire

Mukatha ulemu, tembenukirani kwa ana ndi thupi lomwe. Apatseni moni umene adauzolowera m'kalasi, ayankhe onse pamodzi. Kamoni kameneka kamawadzutsa, komanso kamakukhazikani mtima pansi inuyo, chifukwa mwabwerera pa ntchito imene mumaidziwa. Nkhani yanu ija ikambeni kwa iwo, m'Chichewa chosavuta kapena chiyankhulo chimene ana a m'deralo amamva, ngakhale mlendo wolemekezeka atayankhula Chingerezi. Akuluakulu amamva zolunjika kwa ana, koma ana samva zolunjika kwa akuluakulu.

Auzeninso momveka chimene chikuchitika. Ana aang'ono sadziwa kupuma pa ntchito; ena amaganiza kuti mwachotsedwa, ena kuti mukudwala. Ziganizo ziwiri zikwana: "Boma lidaika lamulo loti munthu akafika zaka zanga azipuma. Temu ya mawa mudzakhala ndi aphunzitsi ena, ndipo ndikufuna mudzawalandire bwino." Ngati amene adzatenge kalasi lanu akudziwika kale ndipo ahedi avomera, mutchuleni, aimirire, ana amuwombere m'manja. Musanene kuti "sindikudziwa ngati mudzapeza wina wokukondani ngati ine". Amenewo ndi mawu odzikonda ovala chitenje cha chikondi, ndipo mnzanu wotsalayo mwamuyambitsa ntchito ndi ngongole.

Kenako bwerani kwa aphunzitsi anzanu. Pothokoza, tchulani chimene munthu adachita, osati khalidwe lake. "Adeputi, zikomo chifukwa cha mtima wanu wabwino" ndi mawu opanda mchere. "Adeputi, chaka chimene ndimadwazika amuna anga, mudanditengera Sitandade 3 kwa milungu itatu pamwamba pa kalasi lanu" ndi mawu amene mwini wake adzapita nawo kunyumba. Anthu atatu akwana. Mukapitirira apo mwayamba mndandanda, ndipo amene sali pa mndandanda amawerenga. Otsalawo athokozeni pamodzi, ndipo musaiwale alonda ndi amayi ophika phala, amene kawirikawiri amakhala chiimirire kumbuyo.

5. Kupepesa ndi madandaulo

Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndipo anzanga oimba foni aja safunsapo n'komwe mpaka nditayambitsa ndine.

Mwambo wathu umayembekeza kuti wotsanzika apepese. Pafupifupi aliyense amanena kuti, "Ngati pali wina amene ndidamulakwira, andikhululukire, ine ndine munthu." Mawu amenewa si oipa, koma "ngati" uja amachotsa zonse. Zaka makumi atatu pa ntchito ya anthu, palibe "ngati". Mudalakwira anthu, ndipo ena mwa iwo akhala pomwepo akukuyang'anani. Kholo lija lili pabenchi lachiwiri mwina ndi mwana amene mudamukwapula mu 1998 chifukwa chochedwa, musanadziwe kuti amayamba watunga madzi kudambo. Ambiri a msinkhu wathu tidayamba ntchito nthawi imene ndodo inkakhala pa tebulo pambali pa choko. Lero n'zosaloledwa, koma amene adazilawa akadalipo.

Ndiye pali misampha iwiri. Woyamba ndi kudziteteza: "Ndinkakukwapulani chifukwa chokukondani, onani lero ena ndinu manesi." Uku si kupepesa, ndi kupempha kuti akuthokozeni. Wachiwiri ndi kuulula machimo pagulu, kutchula mayina, misozi ili chuchuchu, mpaka anthu ayambe kukutonthozani inuyo. Pamenepo wolakwiridwa uja wasanduka wosamalira wolakwa.

Njira imene ndaona ikugwira ndi kugawa zolakwazo pawiri masiku a mwambo asanafike.

Zolakwira munthu mmodzi, zimene nonse awiri mukuzidziwa, sizipita pabwalo. Ngati mudakanganapo ndi mnzanu pa nkhani ya nyumba ya aphunzitsi kapena ndalama za chipereganyu, mupiteni sabata imeneyo isanafike, mukakhale naye pansi awiri. Akakana kukumvani, mwachita mbali yanu. Koma musamuponyere chipepeso pamaso pa a PEA ndi mafumu, pamene sangathe kuyankha china koma kumwetulira. Kumeneko ndi kumukakamiza.

Zopita pabwalo ndi zimene mudalakwira gulu, khalidwe lanu limene aliyense amalidziwa kale. Litchuleni ndi dzina lake, kamodzi, popanda "koma". Mayi ndamutchula uja adalemba motere:

"Ndinali wamkwiyo msanga, makamaka zaka zanga zoyamba. Alipo pano makolo amene ndidawakwapula ali ana pa zifukwa zimene lero ndikuona kuti zinali zosayenera. Ndidalakwa, pepani. Aphunzitsi anzanga, mukudziwa kuti masikimu anga ankafika mochedwa kwa adeputi temu iliyonse. Pamenepo ndiye mwapuma."

Onani kuti chiganizo cholemera chili pakati, ndi chachifupi, ndipo sichikupempha yankho. Chotsatira chake ndi chopepuka, anthu amaseka, mpweya umabwerera. Kusanja kotere ndi dala. Mukathera pa "pepani" n'kukhala chete, bwalo lonse limazizira ndipo inuyo pakhosi pamatseka. Mukayamba ndi nthabwala n'kuthera pa nthabwala, chipepeso chimaoneka ngati sewero. Masikimu, kwa amene si aphunzitsi, ndi ndondomeko ya zimene mphunzitsi adzaphunzitse temu yonse, imene amayenera kupereka kwa akuluakulu kuti aisayinire.

Tsopano madandaulo. Ndikudziwa kuti alipo. Ena mwapuma pa giredi yomwe mudakhalapo zaka zambirimbiri osakwezedwa. Ena muli ndi ndalama zotsalira zimene mudalembera makalata mpaka kutopa. Ndipo nonse mukuda nkhawa kuti za penshoni zidzatuluka liti. Poona a PEA atakhala kutsogolo, mtima umati lero ndiye lero, sangandichitenso kanthu. Ine ndidagwa m'mbuna imeneyi. Pa mwambo wanga ndidaponyamo chiganizo chimodzi chokha chonena za fayilo yanga imene idasowa ku ofesi ina. Anthu adawomba m'manja kwambiri, ine n'kumva kukoma. Koma mpaka lero ndikakumana ndi amene adalipo, chimene amakumbukira ndi fayiloyo. Nkhani imene ndidaikonzekera milungu iwiri palibe amaitchula. Ndipo fayiloyo sidapezeke chifukwa cha m'manja mwawomo. Idapezeka nditapita ndekha kukakhala pabenchi la ku ofesiko masiku atatu.

Mwana wa Sitandade 4 sangakukwezeni giredi. Za malipiro anu zili ndi njira zake: kalata kudzera kwa ahedi, ofesi ya maphunziro ya boma lanu, bungwe la aphunzitsi la TUM. Chimene mungatchule pabwalo ndi vuto la sukulu, osati lanu, ndipo likhale limodzi, loti anthu amene ali pomwepo angathe kuchitapo kanthu. "Ndikusiya Sitandade 2 ikuphunzirabe panja. A komiti ndi mafumu, njerwa zija tidaumba zisagumuke ndi mvula ya chaka chino." Izi si kudandaula, ndi kusiya ntchito m'manja mwa eni ake.

6. Langizo limodzi, mwambi umodzi kapena osautchula n'komwe

Uphunzitsi ndi matenda osachoka: tikaona anthu atakhala pansi timafuna kuwapatsa manotsi. Dziletseni. Kwa ana, langizo limodzi lotheka kulichita mawa, lochokera m'nkhani yanu ija. Kwa aphunzitsi anzanu, makamaka achinyamata ongochoka kumene kukoleji ya aphunzitsi, samalani kwambiri. Mawu oti "aphunzitsi a masiku ano" asatuluke pakamwa panu. Za mafoni awo ndi kavalidwe kawo zisiyeni.

"M'mera mpoyamba" ndi "mutu umodzi susenza denga" adzakhala atanenedwa kale ndi amene ayankhula inu musanaimirire, mwina kawiri. Ngati muli ndi kamawu kanu kamene mumakonda kunena m'kalasi, kamene ana amakuyeserani mukatembenuka, gwiritsani ntchito kameneko. Yambani inu, iwo amalize.

7. Lembani ndi dzanja, werengani mokweza, dulani

Lembani zilembo zikuluzikulu pa pepala lolimba, mbali imodzi yokha, chifukwa pabwalo pamakhala mphepo ndipo manja amanjenjemera. Kuwerenga pa foni ndikukuletsani: padzuwa simuona kanthu. Imani kuseri kwa nyumba, muwerenge mokweza ngati muli pa asembule, wina akuyang'anireni nthawi. Ine tsamba limodzi la kope limanditengera pafupifupi mphindi ziwiri, ndiye masamba atatu ndi malire.

Podula, sakani ziganizo za mitundu itatu. Zonena za mmene mukumvera, monga "mtima wanga wasweka" kapena "ndikusowa mawu": chotsani, nkhope yanu idzanena yokha. Zonena za imfa, monga "mwina sitidzaonananso" kapena "dzuwa langa lalowa": chotsani, mukupita kukalima, ndipo ana omwewo mudzakumana nawo kumsika Loweruka. Zodzitama zobisika, monga kuwerenga madokotala ndi maloya amene adadutsa m'manja mwanu: zisiyireni ahedi, ndi ntchito yawo tsiku limenelo. Komanso ana ambiri amene mudawaphunzitsa ndi alimi, amakaniki, ogulitsa tomato, ndipo ndi amene abwera kumwamboko.

Kenako werengerani munthu mmodzi amene sakuopani, akazi anu, amuna anu kapena mwana wanu wamkulu. Mufunseni funso limodzi: pali pamene sindikumveka ngati ine? Pamene walozapo, nenani ndi pakamwa mmene mukadanenera muli pakhonde, mulembe zimenezo.

8. Tsikulo

Misozi ikhoza kubwera ngakhale mwakonzekera chotani, makamaka kwaya ya ana ikaimba nyimbo yokutchulani dzina. Si mlandu. Chovuta ndi kupitiriza kuyankhula uku mukulira, chifukwa amayi ena adzakuthandizani, ana aang'ono adzatsatira osadziwa chifukwa, ndipo mwambo sudzabwereranso m'malo. Mukamva pakhosi pakutseka, lekani, yang'anani papepala, mezani malovu, mwani madzi ngati alipo. Pokonzekera paja mudzakhala mutadziwa kale chiganizo chimene chimakugwirani. Ikani kamtanda pambali pake, ndipo chotsatira chake chikhale chosavuta, chonena za chinthu wamba. Pamenepo musayang'ane mnzanu wapamtima. Yang'anani anyamata a Sitandade 8 akumbuyo aja, amene nkhope zawo sizisintha.

Ngati mphatso zaperekedwa musanayankhule, thokozani zonse pamodzi, osatchula kuti envulopu yachokera kwa yani kapena nkhuku kwa yani. Wobweretsa mazira atatu asamve kuchepa.

Mawu omaliza alowezeni pamtima kuti muwanene mutadzutsa mutu. Nenani kumene mukupita ndi chimene mukusiya. Mayi uja adamaliza chonchi: "Ndikakhala kumudzi kwathu, kuseri kwa msika. Amene Masamu amuvuta abwere ndi kope lake, koma abwere nditaweruka kudimba. Ahedi, makiyi a kabati ndi awa, rejisitala ili pa tebulo panu, ndaitseka mpaka lero. Zikomo." Adapereka makiyiwo ndi manja awiri n'kukakhala pansi. Mukangoti "zikomo", musawonjezere "pomaliza penipeni" ngakhale mutakumbukira munthu amene mwamuiwala. Ameneyo mukamupeze pa nthawi ya chakudya, mumugwire dzanja, mumuuze yekha.